Mtima ukagunda mpaka kuona ngati wafa: ndi bipi kapena ndi mantha?

Amake Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Odziwa zachipatala andithandize pano. Lachiwiri ndikuweruka ku msika wa Limbe ndinakwera minibasi ya ku Bangwe, mpando wakumbuyo, titapanikizana monga mwa masiku onse. Tili m'njira mtima unangoyamba kugunda mwamphamvu, thukuta kamukamu, mpweya kumandithera ngati wina wandigwira pakhosi. Zala zinachita dzanzi, milomonso chimodzimodzi. Mumtima ndinati lero ndapita, ana anga atsala ndi ndani. Ndinakuwira kondakitala kuti anditsitse, n'kuyenda wapansi kukafika kunyumba. Aneba ali ndi makina oyezera bipi, atandiyeza anapeza 168/98, nambala ina yammunsi inali 118. Anati bipi yakwera, anandipatsa piritsi limodzi la amuna awo, ndipo posakhalitsa ndinapezadi bwino. Koma Lachinayi nditapita kuchipatala anapeza 126/80, n'kundiuza kuti mayi mulibe bipi, mumangoganiza kwambiri. Zimenezi si koyamba kundichitikira. Ndiye ndimvere ndani, makina a aneba kapena akuchipatala? Ndili ndi zaka 38.

Bambo Mbewe: Pepani mayi. Ine ndakhala ndi bipi zaka zambiri ndipo ndikuuzani, 168 si masewera. Imeneyo ndi bipi. Kuchipatala anapeza yotsika chifukwa cha piritsi munamwa lija. Ine ikakwera ndimaimvera kunkhongo, mutu umalemera ngati ndasenza ndowa.

Anaphiri a ku Chirimba: Amenewo ndi magazi achepa asisi. Chizungulire ndi mtima kugunda ndi magazi basi. Wiritsani chidede muzimwa m'mawa ndi madzulo, sabata imodzi mudzandiuza.

Che Juma: Minibasi za ku Bangwe ngakhale munthu wabwinobwino mtima umagunda, mayendetsedwe ake aja kkkk. Pepani amake Tadala, tidikire nasi wathu a Nachisale aweruke.

A Nachisale: Ndaweruka, ndaona. Amake Tadala pepani. Ndisanalankhule zambiri mundiyankhe izi. Kuchokera pomwe zinayamba mpaka pomwe zinafika poipitsitsa panapita nthawi yotalika bwanji? Dzanzilo linali manja onse awiri kapena mbali imodzi? Pomwe amakuyezani munali mutakhala pansi n'kupuma kaye, kapena munangofikira pamakina? Ndipo piritsilo dzina lake ndi chiyani?

Amake Tadala: Zinafika poipa msanga kwambiri, mwina mphindi zisanu kapena khumi. Dzanzi manja onse. Poyeza ndinangofikira, chikwama cha kaunjika chili kumsana, ndikulira, aneba akundifunsa mafunso ine n'kumayankha. Ndinakhala pakhonde pa kampando kopanda kotsamira. Piritsi ndafunsa, akuti amulodipini. Nditamwa sipanathe theka la ola ndinali bwino, kungotsala kufooka.

A Nachisale: Zikomo. Tiyambe ndi piritsilo, chifukwa ndi lomwe likusokoneza nkhani yonse. Amulodipini sagwira ntchito pa theka la ola. Amalowa m'magazi pang'onopang'ono, amatenga maola asanu ndi limodzi kapena kuposa kuti afike pachimake, ndipo kuti bipi ya munthu ikhazikike naye pamafunika kumwa tsiku ndi tsiku kwa masiku angapo. Ndiye chomwe chinakuchizani pakhonde paja si piritsi. Chinthucho chinatha chokha, nthawi yake itakwana. Ndipo bambo Mbewe, piritsi limodzi lomwedwa Lachiwiri likhoza kutsalako pang'ono m'thupi pofika Lachinayi, koma silingatenge munthu wa bipi yeniyeni ya 168 n'kumufikitsa pa 126.

Zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi mantha adzidzidzi. Thupi limachita ngati laona ngozi pomwe ngozi palibe, n'kutulutsa nthawi imodzi adirenalini wambiri, timadzi ta m'thupi tokonzekeretsa munthu kuthawa ngozi. Mtima umathamanga, thukuta limatuluka, manja amanjenjemera, munthu n'kuyamba kupuma mofulumira osadziwa kuti akutero. Kupuma mofulumirako kumatulutsa mpweya wa kaboni dayokisaidi wambiri kuposa muyeso, ndipo ukachepa m'magazi ndi pomwe zala ndi milomo zimachita dzanzi, mutu n'kupepuka. Kawirikawiri zimafika pachimake mphindi 10 zisanathe, pofika mphindi 20 kapena 30 zayamba kuzilala, munthu n'kutsala wofooka.

Nanga 168 ija? Makina sananame. Adirenalini yemweyo amakweza bipi kwa kanthawi, makamaka nambala yam'mwamba. Onjezani kuti munali mutangoyenda wapansi ndi katundu, mukulira, mukuyankhula. Aliyense pagulu pano titamuyeza ali choncho nambala ingakwere. Funso lofunika ndi lakuti bipi yanu imakhala pati mukakhala phee, tsiku wamba. Limenelo makina a Lachiwiri sanayankhe, ndipo a Lachinayi anayankha kamodzi kokha.

Bambo Mbewe: Koma a nasi, ine ndimaimva ikakwera. Simungandiuze kuti thupi langa sindilidziwa.

A Nachisale: Thupi lanu mumalidziwa bambo, sindikukana. Koma ndikufunseni, tsiku lomwe anakupezani nayo koyamba munapitira chiyani kuchipatala?

Bambo Mbewe: Ndinapitira dzino. Anakana kulizula, anati bipi ili 180 ndi chakuti.

A Nachisale: Ndiye kunkhongo kunkapweteka tsiku limenelo?

Bambo Mbewe: Ayi, dzino lokha kkkk. Koma masiku ano ndikamva kunkhongo n'kuyeza ndimaipezadi yokwera.

A Nachisale: Chifukwa mumayeza pokhapokha mukamva kunkhongo. Yesani kuyezanso masiku omwe simukumva kalikonse, muone ngati pali kusiyana. Nthawi zambiri ululu ndi nkhawa ndi zomwe zimayamba, nambala n'kutsatira. Bipi yokwera mwa anthu ochuluka siimveka m'thupi. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'dziko muno anali ndi bipi yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Ikanakhala kuti imamveka, bwenzi akudziwa.

Chikondi wa ku Chilobwe: Amake Tadala, zomwe mwalembazo ngati mwalemba za ine. Zanga zinayamba itadutsa Freddy mu Malichi 2023. Nyumba yathu sinagwe, koma matope ochokera m'phiri la Soche anadutsa pafupi, ndipo anthu omwe tinkawadziwa anapita. Kuyambira pamenepo mvula ikangoyamba kumenya malata usiku, mtima uja wayamba, pachifuwa pothina, miyendo zii. Kenako zinayamba kubwera ngakhale kunja kuli dzuwa, ndili pamzere ku banki. Ndinagula makina angaanga, ndipo apo ndiye zinaipiratu. Ndikayeza n'kupeza 145, mantha. Ndibwereze, 152. Ndibwerezenso, 160. Usiku wonse ndili ndi makina pamkono mpaka pochita mikwingwirima. Mkazi wanga anachita kuwabisa m'thumba la ufa.

Che Juma: Mlamu ameneyo ndi dokotala weniweni.

A Nachisale: Chikondi wanena chinthu chomwe ndimachiona kawirikawiri. Nambala yoyamba ikukuopsa, manthawo akukweza yachiwiri, yachiwiri ikukweza yachitatu. Mukaona nambala ikukwera nthawi iliyonse mwabwereza, kugunda kwa mtimanso kukukwera nayo limodzi, dziwani kuti mukuyeza mantha anu. Munthu akakhala pansi n'kudekha, yachiwiri ndi yachitatu zimatsika kapena kukhala pomwepo.

Pa galasi la makina pamaoneka zinthu zitatu. SYS ndi nambala yam'mwamba, DIA ndi yachiwiri, ndipo PULSE kapena PUL ndi kuchuluka kwa kugunda kwa mtima pa mphindi. Ambiri amasakaniza yachitatuyi ndi bipi. Ya amake Tadala inali 118, pomwe munthu wopuma imakhala pakati pa 60 ndi 100. Munthu wa bipi yokhazikika kawirikawiri mumamupeza ndi 165/100 koma mtima ukugunda 76, ali phee akukufunsani za mitengo ya chimanga.

Anaphiri a ku Chirimba: Ndiye zoti magazi achepa si zoona?

A Nachisale: Anaphiri simunaphonye kwenikweni. Magazi akachepa mtima umagundadi msanga. Koma zimenezo zimaoneka munthu akamakwera chitunda, akamachapa, akamasinja, ndipo zimakhala tsiku lililonse. Sizibwera ngati mphezi munthu atakhala pampando n'kutha pa theka la ola. Komabe kuyezetsa magazi n'kosavuta, amake Tadala akapemphe. Chidede amwe ngati amachikonda, koma chisalowe m'malo mwa kuyezetsa.

Mayi Gondwe: Ine mantha anga ali apa. Tikamauzana kuti ndi nkhawa chabe, tsiku lina munthu adzakhala pakhonde akupuma pang'onopang'ono pomwe ndi sitiroko. Malemu achimwene anga ankati ndatopa chabe, m'mawa mwake mkono ndi mwendo sizikugwira ntchito.

A Nachisale: Pepani mayi Gondwe, ndipo mwachita bwino kunena. Apa ndiye aliyense awerenge mofatsa. Pali zizindikiro zomwe sitidikira nazo, kaya munthuyo amadziwika kuti ndi wamantha, kaya makina akuonetsa nambala yabwino. Kukamwa kukapotokera mbali imodzi. Mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka kapena kuchita dzanzi. Mawu akamatuluka ngati woledzera, kapena munthu akusokonekera osadziwa pomwe ali. Maso akasiya kuona bwino mwadzidzidzi. Mutu ukapweteka mwadzidzidzi kuposa m'mene unapwetekerapo chibadwire. Pachifuwa pakalemera ngati aikapo mwala, ululu n'kumapita kumkono, kunsagwada kapena kumsana, osasiya. Kukomoka, kapena kugwa ngati wakhunyu. Zikatero pezani galimoto, thamangirani ku Gulupu kumalo a matenda adzidzidzi kapena chipatala chomwe chili pafupi, ndipo kumbukirani nthawi yomwe zayambira chifukwa adzakufunsani.

Ndi chifukwa chake ndinafunsa ngati dzanzi linali manja onse. La mantha limagwira mbali zonse ziwiri, kunsonga za zala ndi kuzungulira milomo, koma mphamvu zimakhalapo. Muuzeni munthuyo amwetulire, akweze manja onse awiri, atchule dzina lake ndi mudzi wake. Wamantha amatha zonsezi ngakhale akunjenjemera. Wa sitiroko mkono umodzi umagwa, kapena kumwetulira kumapendekeka.

Za nambala, yomwe timaiopa ndi 180/120 kupita m'mwamba. Nambala imodzi mwa ziwirizo ikafika pamenepo pamodzi ndi chizindikiro chimodzi mwa zija, nyamukani nthawi yomweyo. Ikafika pamenepo popanda chizindikiro, khalani pansi mphindi zisanu, bwerezani, ndipo ikakhalabe pomwepo muonane ndi achipatala tsiku lomwelo.

Mayi Gondwe: Nanga pachifuwa? Chikondi wati pachifuwa pamathina. Ndidziwa bwanji kuti kuthina kwake si kwa mtima?

A Nachisale: Pamenepo ndi povuta, ndipo sindikunamizani kuti pali njira yotsimikizika ya kunyumba. Ululu wa mtima kawirikawiri umabwera kapena kukula munthu akamagwira ntchito kapena kukwera chitunda, wa mantha umatha kubwera atakhala. Koma si nthawi zonse, makamaka kwa amayi ndi odwala shuga. Ine ndimati ngati n'koyamba, kapena munthu wapitirira zaka 40, kapena ali ndi shuga, bipi, kapena amasuta, apite akamuone. Kubwezedwa kuti ndi mantha chabe kulibe manyazi. Yemwe anayezedwa kale n'kuuzidwa kuti ndi mantha, ndipo zabwera chimodzimodzi ngati kale, ameneyo akhoza kudikira kuti zidutse. Zikasiyana ndi zakale, kapena zikapitirira theka la ola osatsika, apite.

Chisomo: Mng'ono wanga ndi woyembekezera miyezi isanu ndi iwiri, dzulo anapezeka ndi 148/94, iye akuti ndi nkhawa chifukwa amuna ake ali ku Joni sakutumiza. Adikire sikelo ya mwezi wamawa?

A Nachisale: Ayi Chisomo, asadikire. Zonse ndikunena pano za kudekha ndi kuyeza sabata yonse sizikukhudza woyembekezera. Mimba ikapitirira masabata 20, bipi ya 140/90 ndi yofunika kuonedwa msanga, ayeze mkodzo ndi zina. Apite lero. Akamva mutu kwambiri, kuona nyenyezi m'maso, ululu pansi pa nthiti kumanja, kapena nkhope ndi manja kutupa, ndiye ngakhale usiku.

Chisomo: Ndikumuimbira pompano.

Amake Tadala: A nasi, ndiye ineyo nditani kuti ndidziwe zoona zake?

A Nachisale: Bwerekani makina a aneba aja kwa masiku 7. Muziyeza m'mawa mukadzuka, mutapita kaye kokataya madzi, musanamwe tiyi. Madzulonso musanagone. Khalani pampando wotsamira, mapazi onse pansi, osapingasa miyendo. Mkono ukhale patebulo, lamba wa makina akhale molingana ndi mtima, pakhungu osati pamwamba pa juzi. Khalani chete mphindi zisanu musanadine batani, foni ili kutali, ana asakuyankhuliseni. Yezani kawiri, pakati pake padutse mphindi imodzi kapena ziwiri, lembani zonse m'kope. Pa theka la ola musanayeze pasakhale tiyi, khofi, fodya kapena ntchito yolemetsa.

Masiku 7 akatha, za tsiku loyamba zisiyeni chifukwa munthu amakhala akadali ndi mantha ndi makinawo. Zotsalazo phatikizani nambala zam'mwamba n'kugawa ndi kuchuluka kwake, zam'munsinso chimodzimodzi. Kunyumba malire ndi 135/85, chifukwa munthu kwawo amakhala womasuka. Kuchipatala ndi 140/90, ndipo pafunika apeze choncho masiku awiri osiyana asanakulembereni kuti muli ndi bipi.

Zikakugwirani mkati mwa sabatayi, makina musawakhudze. Yang'anani wotchi, lembani nthawi yomwe zayamba, komwe munali, ndi nthawi yomwe zatha. Pumani ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Mukadekha, patapita theka la ola, ndiye yezani. Ndipo mankhwala a amuna a aneba musamwenso.

Bambo Mbewe: Apo pokha ndikugwirizana nanu. Koma ine ikakwera ndimawonjezera theka la piritsi, si vuto eti? Ndi anga omwe.

A Nachisale: Ndi vuto bambo. Mankhwala a bipi ndi omwa tsiku ndi tsiku pa muyeso womwe anakulemberani, si panado womwa mutu ukapweteka. Mukawonjezera chifukwa cha nambala ya mantha, manthawo akatha mankhwala amatsala akugwirabe ntchito, usiku mudzuka kupita kuchimbudzi chizungulire n'kukugwetsani. Kale tinkaika nifedipini pansi pa lilime kuti bipi igwe msanga, ndipo zinasiyidwa chifukwa kuigwetsa mwadzidzidzi kumatha kuchepetsa magazi opita ku ubongo ndi kumtima. Ngati nambala zanu zikukwera kawirikawiri, tengani kope lanu ku kiliniki akasinthe muyeso okha. Muonenso ngati simukumwa bulufeni kapena daikilofenaki pafupipafupi chifukwa cha mawondo aja, amenewo amakweza bipi.

Bambo Mbewe: Bulufeni ndimamwadi. Ndikafunsa. Koma zoti kunkhongo si bipi, tidzakambirananso.

Amake Tadala: Odi pagulu, ndabwera ndi kope langa. Masiku 7 akwana dzulo. Nambala yam'mwamba imasewera pakati pa 118 ndi 134, yam'munsi pakati pa 74 ndi 84. Tadala wawerengetsa pa foni monga munanenera, akuti 127/80. Mtima umagunda 70 ndi chakuti. Koma Lachinayi madzulo ndinapeza 150/90, ndinali nditangomaliza kuyankhula ndi mwini nyumba za lendi. Zija zinandigwiranso Loweruka m'minibasi, zinayamba 5:40, pofika 6:05 zinali zitatha. Sindinatsike ulendo uno, ndinangotsegula windo n'kumawerenga mpweya. Kufika kunyumba, nditapuma, 129/82.

A Nachisale: Mwagwira ntchito yabwino. 127/80 ili pansi pa 135/85, ndiye pa nambala zimenezi simukufunika mankhwala a bipi. 150 ya Lachinayi ndi ya mwini nyumba, imodzi pakati pa zambiri siisintha nkhani. Taonaninso za Loweruka: mphindi 25, zinatha zokha popanda piritsi la munthu, nambala n'kubwerera pamalo pake.

Koma musatseke kope n'kunena kuti basi ndilibe kanthu. Muli nako kanthu, kungoti si bipi. Pitani nalo kopelo kuchipatala, mukanene momveka kuti mantha adzidzidzi akundigwira mobwerezabwereza, ndipo ndayamba kuopa minibasi. Pemphani ayeze kuchuluka kwa magazi ndi shuga, akuoneni pakhosi ngati chithokomiro sichinakule, chifukwa chikamagwira ntchito mopitirira chimabweretsa kugunda kwa mtima, thukuta ndi kuonda. Zikakhala bwino zonsezo, funsani namwino kapena dokotala woona za maganizo. Ku Gulupu alipo. Pali uphungu wophunzitsa munthu kusaopa zizindikirozo, ndipo pali mankhwala ngati pafunika.

Amake Tadala: Za maganizo? Anthu adzati ndapenga, akunditumiza ku Zomba.

Chikondi wa ku Chilobwe: Inenso ndinkaopa zomwezo mayi. Palibe ananditumiza ku Zomba. Tinkangokhala pansi n'kukambirana. Chomwe chinandithandiza kwambiri ndi pomwe anandiuza kuti ndipume mofulumira dala, pamaso pawo, mpaka zala zinachita dzanzi monga zimachitira usiku wa mvula. Ndinaona ndi maso anga kuti dzanzi lija ndimalipanga ndekha ndi mpweya. Sizinatheretu, mvula yoyamba ya Novembala imandigwirabe, koma sindithamangiranso makina. Langizo langa, minibasi musaisiye. Ine ndinasiya kupita ku banki, kenako ku msika, kenako ndinkaopa ndi kutchalitchi komwe.

Mayi Gondwe: Ine ndikadakondabe akamujambule mtima. Mwana wa mnzanga ankauzidwa kuti ndi nkhawa zaka ziwiri, kenako anapeza kuti ndi mtima womwe umadumpha.

A Nachisale: Zimachitika. Pali vuto la kagundidwe ka mtima lomwe limayamba mwadzidzidzi ngati wayatsa switchi, mtima n'kumagunda 150 kapena kuposa, kenako n'kuzima mwadzidzidzi chimodzimodzi. Mantha amabwera pambuyo pake, chifukwa cha kugundako. Kwa amake Tadala 118 ndi kutsika pang'onopang'ono sizikuloza kumeneko, koma akakafotokoza, adokotala akaona ngati pakufunika kujambula. Vuto lake ndi lakuti pojambula munthu ali bwino chithunzi chimatha kutuluka chabwinobwino. N'chifukwa chake kulemba kugunda kwa mtima pa nthawi yomwe zachitika kumathandiza. Gwirani pamkono, werengani kwa masekondi 30, chulukitsani kawiri.

Che Juma: Ine ndili ndi nkhani yanga, musaseke. Nditaona amake Tadala akulemba m'kope, ndinati nanenso ndiyese, mongocheza. Ndinabwereka makina kwa telala mnzanga. Ine sindidwala, mutu sundipweteka, ndimagona ngati mwana, nkhawa sindiidziwa. Koma m'mawa uliwonse 156/98, 160/100, 158/99. Mtima 72. Makinawa ndi abodza eti?

Bambo Mbewe: Takulandirani ku mpingo wathu che Juma.

A Nachisale: Che Juma, pakati pa inu ndi amake Tadala, yemwe ndikumudera nkhawa ndi inuyo. Nambala zokwera tsiku ndi tsiku, munthu ali wodekha, mtima ukugunda bwinobwino, osamva kalikonse: bipi yeniyeni imaoneka choncho. Koma tiyambe tatsimikiza za makinawo. Ndi apamkono wam'mwamba kapena ovala ngati wotchi? Ndipo lamba wake amakukwanani? Paja inu mkono ndi wonenepa.

Che Juma: Apamkono wam'mwamba. Lamba amachita kukakamiza, amangogwira kunsonga, nthawi zina amamasuka yekha akamapopa.

A Nachisale: Lamba wochepa pamkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndiye mwina zoona zake zili pansiko pang'ono. Koma musadzitonthoze nazo. Pitani ku chipatala chaching'ono cha kwanuko sabata ino, nenani kuti akuyezeni ndi lamba wamkulu, tengani makina a telalawo ayeze onse awiri nthawi imodzi muone kusiyana. Akapezabe 140/90 kapena kuposa masiku awiri osiyana, ayezenso shuga ndi mkodzo, ndipo nkhani ya mankhwala ndi mchere iyambike.

Che Juma: Mchere wa pa chipisi ndi kanyenya ndiye musaukhudze a nasi.

Anaphiri a ku Chirimba: Nanga munthu akamakhala ndi mantha amenewa zaka ndi zaka, mapeto ake sadzakhala ndi bipi yeniyeniyo? Mayi anga ankati kuganiza kwambiri kumabweretsa bipi.

A Nachisale: Kugwidwa kamodzi sikusiya bipi yokhazikika, nambala imabwerera monga mwaonera. Za zaka zambiri, anthu ankhawa amapezeka ndi bipi kawirikawiri kuposa anzawo, koma pamalowanso kusagona, mowa, fodya ndi kunenepa, ndiye n'kovuta kuloza chala chimodzi. Ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala nazo zonse ziwiri. Amake Tadala aziyezetsabe kamodzi pachaka ngakhale lero zili bwino.

Bambo Mbewe: Ine ndikuti mayi anu ankanena zoona Anaphiri. Yanga inayamba chaka chomwe ndinachotsedwa ntchito.

Mayi Gondwe: Kapena inalipo kale bambo, munangoidziwa chaka chimenecho chifukwa cha dzino.

Bambo Mbewe: Dzino linali chaka chotsatira. Che Juma, mukapita Lachitatu mulawirire, mzere wa bipi umatalika ikangokwana 8 koloko. Tengani ndi kabuku kanu ka kuchipatala, popanda iko akubwezani.

Che Juma: Kabukuko ndiye sindikudziwa komwe kali, ndinakagwiritsa ntchito komaliza nthawi ya katemera. Ndifunsa mayi akunyumba.